Mmene mungadziwire chimene chikuchedwetsa wosambira: kuyeza kutalika kwa sitiroko ndi changu cha mikono

Makolo ndi aphunzitsi a kusambira amafunsa funso limodzimodzi mobwerezabwereza: "Mwanayu akuchedwa, ndimuuze kuti afulumizitse mikono kapena atalikitse sitiroko?" Yankho lake silipezeka poyang'ana ndi maso okha muli chiimire m'mbali mwa dziwe. Osambira awiri akhoza kufika pa nthawi yofanana ndendende, koma chimene chikuwachedwetsa n'kukhala chosiyana kotheratu, ndipo malangizo amene angathandize mmodzi akhoza kumuwonjezera mavuto mnzakeyo. Muyenera kuyeza kaye. Ndalemba pano njira yonse kuti amene ali ndi foni yojambula kanema, tepi yoyezera ndi pepala athe kuyeza yekha.

Liwiro la wosambira limachokera ku zinthu ziwiri zokha. Choyamba ndi mtunda umene thupi limayenda akapalasa kamodzi, ndipo tiziutchula kuti kutalika kwa sitiroko. Pa mawotchi ndi m'mapulogalamu mudzaona atalemba DPS. Chachiwiri ndi kuchuluka kwa masitiroko amene amapalasa pa mphindi imodzi, chimene tizichitchula kuti changu cha mikono, ndipo pa wotchi chimalembedwa SR kapena SPM. Mukachulukitsa ziwirizi mumapeza liwiro:

```
v = SR × DPS / 60
```

Apa v ndi liwiro, mamita pa sekondi. Wosambira amene amapalasa masitiroko 45 pa mphindi, n'kumayenda mamita 2.00 pa sitiroko iliyonse, akuyenda mamita 1.50 pa sekondi. Chilichonse chimene mumaphunzitsa, kaya ndi kamenyedwe ka miyendo, kapumidwe kapena mphamvu za mapewa, chimaonekera mu imodzi mwa nambala ziwirizi. Zili ngati magiya a njinga: giya yolemera imakupititsani patali mukapalasa kamodzi koma miyendo imazungulira pang'onopang'ono, pamene giya yopepuka imazungulitsa miyendo msanga koma mtunda wake ndi wochepa. Palibe giya imene ili yabwino kwa aliyense. Sun Yang wa ku China anapambana mpikisano wa Olimpiki wa mamita 1500 ku London mu 2012 pa nthawi ya 14:31.02, akulowetsa manja m'madzi kosafika ka 30 powoloka dziwe la mamita 50. Gregorio Paltrinieri wa ku Italy anapambana mpikisano womwewo ku Rio mu 2016 pa 14:34.57, mikono ikuzungulira mofulumira kwambiri kuposa ya Sun, sitiroko ili yaifupi. Nthawi zawo zikusiyana ndi masekondi osakwana anayi.

1. Gwirizanani kaye tanthauzo la "sitiroko imodzi"

Apa ndi pamene nambala zambiri zimasokonekera zisanayambe n'komwe. Pa firisitayilo ndi pa kusambira chagada, mikono imasinthana. Ena amawerenga dzanja lililonse likalowa m'madzi: lamanja, 1, lamanzere, 2. Ena amawerenga dzanja limodzi lokha, kuchokera pamene lamanja lalowa mpaka lamanja lomwelo litalowanso. Njira yachiwiriyi ndi imene tigwiritse ntchito, ndipo tiziitchula kuti sitiroko yathunthu. Manja 16 ndi masitiroko athunthu 8. Pa batafulayi ndi pa bulesiti, kusambira kuja kofanana ndi kwa chule, mikono yonse iwiri imayendera limodzi, choncho kupalasa kamodzi ndi sitiroko yathunthu kale.

Munthu akakuuzani kuti changu chake ndi 80, mufunseni ngati akuwerenga manja kapena masitiroko athunthu. Manja 80 pa mphindi ndi masitiroko athunthu 40, changu wamba cha wosambira mtunda wautali. Masitiroko athunthu 80 pa firisitayilo simudzawaona pa mpikisano, chifukwa ngakhale akatswiri a mamita 50 amakhala cha m'ma 60. Mawotchi ambiri a pamkono amawerenga mkono umene wavala wotchiwo basi, ndiye nambala yawo imakhala pafupifupi theka la imene mphunzitsi wowerenga manja onse amapeza. Lembani pamwamba pa pepala lanu njira imene mwasankha ndipo musaisinthe.

2. Yezani dziwe, kenako ikani zizindikiro

Musakhulupirire kuti dziwe ndi la mamita 25 chifukwa choti anthu amatero. Maiwe ambiri a pa mahotela ndi pa masukulu anamangidwa popanda kuganizira za mpikisano, ndipo ena ndi a mayadi 25, amene ndi mamita 22.86. Tambasulani tepi kuchokera pakhoma mpaka pakhoma.

Mukatero ikani zizindikiro ziwiri, chimodzi pa mamita 10 kuchokera pakhoma loyambira, china pa mamita 20. Mabotolo awiri odzaza madzi m'mbali mwa dziwe akwanira, koma ndi bwino kwambiri kumanga nsalu yowala pa chingwe cholekanitsa mizere, pafupi ndi pamene wosambira azidutsa. Ngati dziwe lili ndi timbendera ta osambira chagada, timakhala mamita 5 kuchokera pakhoma, ndiye m'dziwe la mamita 25 timbendera ta mbali yofikira tili kale pa mamita 20. Pobwerera, zizindikiro zisunthidwe kuti ziyambirenso mamita 10 kuchokera pakhoma limene wadzikankhapo. Kuti musavutike pa mpikisano, ikani zinayi: pa 5, pa 10, pa 15 ndi pa 20. Popita muyeza kuchokera pa 10 kufika pa 20, pobwera kuchokera pa 15 kufika pa 5.

3. Chotsani khoma m'masamu anu

Gawo ili ndi limene malangizo ambiri amalidumpha, ndipo ndi limene limasokeretsa anthu kwambiri. Njira imene aliyense amayamba nayo ndi kuwerenga masitiroko a kuwoloka dziwe kamodzi n'kugawa kutalika kwa dziwe ndi nambala imeneyo. Vuto lake ndi loti wosambira sapalasa dziwe lonse. Amadzikankha pakhoma, n'kuyenda pansi pa madzi mikono ili chitambasukire, ndipo mtunda wonsewo waupeza popanda sitiroko ngakhale imodzi. Pa firisitayilo, chagada ndi batafulayi malamulo amalola kukhala pansi pa madzi mpaka mamita 15. M'dziwe la mamita 25, amene amachita zimenezi amapalasa mamita 10 okha.

Tiyeni tione ndi nambala. Wosambira woyamba wawoloka dziwe la mamita 25 ndi manja 16, kapena kuti masitiroko athunthu 8. Wachiwiri wawoloka ndi manja 18, masitiroko athunthu 9. Mukagawa 25 mwachisawawa, woyamba akupeza mamita 3.13 pa sitiroko, wachiwiri 2.78, ndipo mungathamangire kunena kuti wachiwiriyo ndiye afunika kutalikitsa. Tsopano yang'anani pamene aliyense anayambira kupalasa. Woyamba anatulukira pa mamita 7, ndiye anapalasa mamita 18 okha: 18 kugawa ndi 8 ndi 2.25. Wachiwiri anatulukira pa mamita 4, anapalasa mamita 21: 21 kugawa ndi 9 ndi 2.33. Amene mumati ali ndi sitiroko yaifupi ndi amene ali ndi yaitali. Chimene akusowa ndi luso lodzikankha pakhoma ndi kuyenda pansi pa madzi, ndipo mukanamutayitsa miyezi pomukonza mikono imene inalibe vuto.

Nthawi nayo imanamiza chimodzimodzi. Wosambira amayenda mofulumira kwambiri atangochoka pakhoma kuposa mmene angayendere popalasa. Mukagawa 25 ndi nthawi ya kuwoloka konse, liwiro limene mupeze ndi losakanikirana, la khoma ndi la mikono pamodzi, ndipo lidzaoneka lokwera kuposa limene mikono ikupereka. Kumapeto nakonso kuli chisokonezo chake. Pa firisitayilo wosambira amayamba kupidiguka patatsala mita imodzi kapena kuposerapo kuti afike pakhoma, ndipo ena amatsetsereka kaye pang'ono podikira khoma, choncho sitiroko yomaliza sikhala yofanana ndi zinzake.

N'chifukwa chake tasankha mamita 10 a pakati. Pofika pa mamita 10 osambira ambiri amene si akatswiri amakhala atatuluka kale ndipo mphamvu ya khoma yatha. Pa mamita 20 amakhala asanayambe kukonzekera kutembenuka. Chimene muyeze pakati apa ndi kusambira kokhakokha. Ngati wosambira wanu amatulukira kupitirira mamita 8, monga amachitira ambiri a batafulayi ndi a bulesiti, sunthani chizindikiro choyamba chikhale pa 12 kapena pa 13, ndipo mugwiritse ntchito mtunda watsopanowo m'masamu. M'dziwe la mamita 50 muli malo ambiri: yezani kuchokera pa 15 kufika pa 35, kapena mpaka pa 45, chifukwa mtunda ukatalika kulakwitsa kwa chala kumachepa mphamvu.

Izi sizikutanthauza kuti kuwerenga manja pa kuwoloka kulibe ntchito. N'kothandiza poyerekeza munthu mmodzi ndi iye mwini, tsiku lomwelo, ngati akutulukira pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Poyerekeza anthu awiri, kapena dziwe la 25 ndi la 50, musakudalire.

4. Jambulani kanema muli pamalo oyenera

Imani m'mbali mwa dziwe, moyang'anizana ndi pakati pa zizindikiro ziwirizo, ndipo mubwerere m'mbuyo mpaka zonse ziwiri zikuoneka pa foni popanda kuitembenuza. Mukaima pafupi kwambiri, kapena kumapeto kwa dziwe, mudzaona mutu ukudutsa chizindikiro usanafike kapena utadutsa kale, chifukwa mukuuonera chapambali. Ngati malo ndi ochepa, yendani limodzi ndi wosambira kuti muzikhala moyang'anizana naye pamene akudutsa chizindikiro chilichonse. Iyi ndi ntchito imene nsalu yomangidwa pa chingwe imathandiza, popeza ili pafupi ndi thupi lake.

Yang'anani mutu. Dzanja limapita kutsogolo n'kubwerera, ndiye mukayambira pa dzanja n'kumalizira pa mutu mwasokoneza pafupifupi theka la mita.

Mafoni ambiri amajambula zithunzi 30 pa sekondi, ena 60. Onani mmene yanu yatcheredwera. Pa 30, chithunzi chilichonse ndi masekondi 0.033, ndipo mukamayendetsa kanema chithunzi chimodzichimodzi mumayeza bwino kuposa mmene chala chingachitire pa sitopuwotchi. Musagwiritse ntchito kanema amene wadutsa pa WhatsApp ngati muli ndi woyambirira, chifukwa amakhala atafinyidwa ndipo manja saoneka bwino m'thovu.

5. Tengani nthawi ziwiri

Nthawi yoyamba ndi ya mutu kuchokera pa chizindikiro choyamba kufika pa chachiwiri. Tiitchule t10. Yachiwiri ndi nthawi ya masitiroko athunthu atatu mkati mwa mtunda womwewo. Tiitchule t3.

Powerenga t3, dzanja lamanja likalowa m'madzi yambitsani wotchi n'kunena kuti "ziro". Likalowanso, "1", kenako "2", ndipo pa "3" imitsani. Anthu ambiri amanena "1" pamene akuyambitsa wotchi, ndiye amaimitsa atayeza masitiroko awiri okha. Changu chimatuluka chokwera ndi theka lathunthu: wosambira wa 40 amaoneka ngati wa 60. Mukapeza nambala yodabwitsa, kayikirani chimenechi poyamba.

Tikuyeza atatu m'malo mwa imodzi chifukwa cha chala. Munthu akhoza kuchedwa kapena kufulumira kudina ndi masekondi 0.2. Pa sitiroko imodzi ya masekondi 1.33, kulakwitsa kumeneko ndi 15 peresenti. Pa masitiroko atatu a masekondi 4.0 ndi 5 peresenti, kumene kungasinthe changu cha 45 kukhala 43 kapena 47. Ngakhale pamenepo mpata ndi waukulu ndithu, choncho ngati mukuyeza ndi chala musapange chigamulo pa kusiyana kwa sitiroko imodzi kapena ziwiri pa mphindi. Masitopuwotchi ena a aphunzitsi ali ndi batani lowerengera changu, ndipo ambiri amatcheredwa pa masitiroko atatu omwewa. Onetsetsani kuti yanu yatcheredwa choncho.

6. Werengerani

```
v   = 10 / t10
SR  = 180 / t3
DPS = v × t3 / 3
```

Nambala 180 ndi masekondi 60 kuchulukitsa ndi masitiroko 3. Ngati mtunda wanu si mamita 10, ikani umene mwayeza. Taonani kuti kutalika kwa sitiroko sitikukuyeza ndi tepi, tikukupeza kuchokera ku liwiro ndi nthawi, ndiye kulakwitsa kulikonse pa t10 kapena pa t3 kumagwera pa DPS.

7. Yezani koyambirira ndi komalizira, ndipo onani nambala imene yagwa

Nambala za kuwoloka kumodzi zimanena zochepa. Nkhani imaoneka mukayerekeza mmene wosambira anayambira ndi mmene anamalizira. Nachi chitsanzo cha osambira awiri pa mamita 100 firisitayilo m'dziwe la 25. Onse awiri anadutsa mamita 10 a pakati pa masekondi 6.5 pa kuwoloka koyamba, ndi 7.5 pa kwachinayi. Liwiro la onse linatsika kuchoka pa 1.54 kufika pa 1.33. Pa sitopuwotchi ndi anthu ofanana.

```
       t10   t3    v     SR    DPS
A  1   6.5   4.0   1.54  45.0  2.05
A  4   7.5   3.9   1.33  46.2  1.73
B  1   6.5   4.3   1.54  41.9  2.21
B  4   7.5   4.9   1.33  36.7  2.18
```

Wosambira A sanachepetse changu, anachikweza pang'ono. Chimene chagwa ndi kutalika kwa sitiroko, kuchoka pa 2.05 kufika pa 1.73, masentimita 32 pa sitiroko iliyonse. Mikono ikuzungulira mmene inayambira koma yasiya kugwira madzi. Uyu mukamukuwira kuti "fulumira!" pa kuwoloka komaliza, mukumuuza kuti awonjezere chinthu chimene chikumuvulaza kale. Adzamenya madzi kwambiri, thovu lidzachuluka, nthawi sidzasintha.

Wosambira B wasunga sitiroko yake pafupifupi yonse, wangotaya masentimita atatu, amene akhoza kukhala kulakwitsa kwa kayezedwe. Changu ndicho chagwa ndi masitiroko asanu pa mphindi. Poyang'ana ndi maso B amaoneka wosambira bwino mpaka kumapeto, ndipo makolo amadabwa kuti nthawi yapita kuti. Uyu kumuphunzitsa kutalikitsa sitiroko ndi kumulimbikitsa kuti azidikira kwambiri kutsogolo, pamene kudikirako ndiye vuto lake.

Mwa awiriwa, vuto la A ndi limene mudzakumane nalo kawirikawiri. Albert Craig ndi David Pendergast, amene anafalitsa kafukufuku wawo pa nkhaniyi mu 1979, ndi Craig ndi anzake amene pambuyo pake anayeza osambira pa mpikisano wosankha timu ya Olimpiki ya ku America ya 1984, anaonetsa kuti kutalika kwa sitiroko ndi kumene kumasiyanitsa kwambiri othamanga ndi ochedwa, komanso kuti kumatsika mpikisano ukamapita kumapeto. Koma "kawirikawiri" si chifukwa chosiyira kuyeza. Ana amene aphunzitsidwa kwa zaka kuti manja ochepa ndiye luso, ambiri amasanduka B.

8. Ngati yagwa ndi DPS, fufuzani ngati ndi thupi kapena ndi mkono

Sitiroko imafupika pa zifukwa ziwiri zosiyana. Mwina thupi likukokedwa kwambiri ndi madzi, mwina mkono ukuterera m'madzi osagwira kanthu. Madzi ndi olemera pafupifupi ka 800 kuposa mpweya, ndipo kukoka kwawo kumakula mofulumira kuposa liwiro: mukawirikiza liwiro kawiri, kukoka kumakula pafupifupi kanayi. Choncho chiuno chikamira pang'ono, mtunda wa sitiroko iliyonse umadyeka pomwepo.

Kuti musiyanitse, muvekeni choyandamitsa chija chopanikiza pakati pa ntchafu, asambire pa changu chomwecho osamenya miyendo, ndipo muyezenso. DPS ikakwera kwambiri miyendo itanyamulidwa, vuto lili pa kaimidwe ka thupi. Bwererani ku kanema n'kuyang'ana pamene akupuma. Nthawi zambiri mudzaona mutu ukudzuka m'malo motembenukira kumbali, chiuno n'kumira nthawi yomweyo, miyendo n'kutanyula kuti thupi lisagudubuke. Zidendene za wosambira woyandama bwino zimakhudza pamwamba pa madzi. Za wotopa zimasowa, ndipo thovu la kumiyendo limatha.

DPS ikapanda kusintha ndi choyandamitsa, yang'anani mkono. Wosambira akatopa chigongono chimagwa, n'kumatsogola kubwerera m'mbuyo dzanja likutsatira, ndiye chikhatho ndi mkono wa m'munsi zimakankha madzi pansi m'malo mowakankhira kumbuyo. Chizindikiro china ndi dzanja lotuluka msanga, pa chiuno, lisanafike pa ntchafu. Pali njira yosavuta yoonera zimenezi pa kanema wojambulidwa kumbali: sankhani kampira kamodzi pa chingwe cha mzere pamene dzanja lalowera, ndipo onani pamene dzanja lomwelo latulukira. Kwa wosambira wogwira madzi bwino, dzanja limatulukira pafupi ndi pamene linalowera, chifukwa thupi ndi limene ladutsa dzanja. Kwa amene akuterera limatulukira kumbuyo kwambiri.

Wosambira ngati A amathandizidwa ndi kusambira mitunda yaifupi pa liwiro la mpikisano ali ndi malire a manja, mwachitsanzo kuwoloka mamita 25 kakhumi ndi kawiri, akutulukira pamalo amodzi, osapitirira manja 18. Akayamba kupitirira ndi manja awiri kapena atatu, apume mokwanira kapena asiye, chifukwa kupitiriza ndi kuzolowetsa thupi sitiroko yowonongeka.

9. Ngati chagwa ndi changu, fufuzani pamene mkono ukuima

Yendetsani kanema chithunzi chimodzichimodzi n'kuwerenga zithunzi zimene dzanja lakutsogolo likukhala litangotambasuka, lisanayambe kugwira madzi. Yerekezani kuwoloka koyamba ndi komaliza, komanso sitiroko yopuma ndi yosapuma. Kwa osambira ngati B, nthawi yotayika imapezeka pamalo amodzi kapena awiri: dzanja likudikira kutsogolo, kapena nkhope ikuchedwa kubwerera m'madzi akapuma. Pa kudikirako thupi limataya liwiro, ndipo sitiroko yotsatira imayamba ndi ntchito yolibwezeretsa. Mkono wonse sufunika kuthamangitsidwa, chofunika ndi kuchotsa kudikira kumeneko.

Apa kachipangizo kolira kolowetsa m'chipewa chosambirira, monga Tempo Trainer ya kampani ya Finis, kamathandiza kwambiri. Mumakatchera kuti kazilira pakapita nthawi imene mwasankha, ndipo dzanja limalowa m'madzi pa kulira kulikonse. Ngati mulibe, mphunzitsi akhoza kumvetsera pulogalamu yowerengera kugunda kwa nyimbo pa foni, n'kumagogoda chitsulo pa makwerero a dziwe, popeza phokoso limamveka bwino pansi pa madzi.

10. Pezani pamene kufulumizitsa kumasiya kupindula

Changu chikakwera, sitiroko imafupika. Zimenezo n'zachibadwa ndipo si vuto. Funso ndi lakuti yafupika bwanji. Tengani wosambira uja wa 45 ndi 2.00, wa liwiro la 1.50. Akakweza changu kufika pa 48 sitiroko n'kutsikira pa 1.95, liwiro lakwera kufika pa 1.56. Koma ikatsikira pa 1.85, liwiro ndi 1.48, wachedwa kuposa poyamba pamene akutopa kwambiri. Lamulo lake ndi lakuti kukweza changu ndi 5 peresenti kumapindula pokhapokha sitiroko ikafupika ndi zosakwana 5 peresenti.

Kuti mupeze malire a munthu wanu, asambire mamita 25 kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, akupuma mphindi imodzi kapena ziwiri pakati, ndipo ulendo uliwonse kachipangizo kazilira mofulumirapo ndi masekondi 0.05 pa dzanja. Auzidwe kuti apite mofulumira mmene angathere popanda kuchoka pa kulirako. Zotsatira zikhoza kuoneka chonchi, T akuimira masekondi a dzanja limodzi:

```
T     SR    DPS   v
0.80  37.5  2.20  1.38
0.75  40.0  2.15  1.43
0.70  42.9  2.08  1.49
0.65  46.2  1.95  1.50
0.60  50.0  1.76  1.47
```

Kuchokera pa 0.80 kufika pa 0.70 sitepe iliyonse ikupindula. Pa 0.65 liwiro lafika pachimake, koma langowonjezera 0.01 pamene mikono yawonjezera masitiroko atatu pa mphindi. Pa 0.60 wayamba kutaya. Ine wosambira ameneyu ndingamuike pa 0.70 pa mpikisano wa mamita 100, chifukwa phindu la 0.65 ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi mphamvu zimene lidzadye pa kuwoloka kwachitatu ndi kwachinayi. Pa mamita 50 akhoza kuyandikira 0.65. Pa maphunziro, ntchito yake ndi kusambira pa 0.66 kapena 0.67 akuyesetsa kuti DPS isatsike pansi pa 2.00, mpaka chimake chija chisunthire kutsogolo.

Musachite mayesowa kumapeto kwa maphunziro olemera, ndipo musafupikitse nthawi yopuma. Mukatero mudzakhala mukuyeza kutopa, ndipo ulendo womaliza udzaoneka woipa chifukwa choti ndi womaliza.

11. Zimene muyenera kusamala pomasulira nambala

Musayerekeze DPS ya mwana wamfupi ndi ya mnzake wamtali ngati kuti ndi mpikisano wa luso. Mikono yaitali imapereka sitiroko yaitali mwachibadwa. Janet Evans wa ku America, amene anali wamng'ono thupi poyerekeza ndi opikisana naye, anapambana mendulo zitatu za golide ku Seoul mu 1988 ndi mikono yozungulira mofulumira kwambiri. Ngati mukufuna kuyerekeza, gawani DPS ndi msinkhu wa wosambira: wa mamita 1.50 amene ali ndi DPS ya 1.80 akupeza 1.20, pamene wa 1.80 amene ali ndi 2.05 akupeza 1.14. Kwa ana amene akukula, lembani msinkhu tsiku lililonse loyeza, kuti musatamande maphunziro pa masentimita amene abwera ndi kukula.

Samalaninso ndi nambala ya SWOLF imene mawotchi amaonetsa, imene ndi masekondi a kuwoloka kuphatikiza masitiroko. Imasakaniza khoma ndi kusambira, vuto lija la pa gawo 3, ndipo wosambira akhoza kuitsitsa potalikitsa kuyenda pansi pa madzi kapena pomenya miyendo mwamphamvu kwa kuwoloka kumodzi, zimene sangazikwanitse pa mpikisano wonse. Sekondi imodzi ndi sitiroko imodzi imaziwerengera mtengo wofanana, pamene pa mpikisano chimene chimawerengedwa ndi sekondi.

Pa bulesiti kumbukirani kuti DPS imachokera kwambiri ku miyendo ndi ku kutsetsereka kumene kumatsatira kumenya, ndiye ikagwa yambani kuyang'ana mapazi ngati akutembenukirabe kunja ndi kutsekana pamapeto, musanakhudze mikono. Changu cha bulesiti chimasiyananso kwambiri pakati pa mamita 50 ndi 200 kwa munthu yemweyo, choncho yezani mtunda uliwonse paokha.

Pa pepala lanu lembani tsiku, kutalika kwa dziwe, pamene panali zizindikiro, pamene wosambira anatulukira, t10 ndi t3 za kuwoloka kulikonse, ndiponso ngati munayeza ndi kanema kapena ndi chala. Bwerezani pakatha milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi, m'dziwe lomwelo, zizindikiro zili pamalo omwewo. Poyerekeza DPS yakale ndi yatsopano, yerekezani pa changu chofanana: 2.15 pa changu cha 40 ndi 2.08 pa changu cha 43 si umboni woti sitiroko yafupika, ndi mizere iwiri yosiyana ya tebulo lomwe lija.